Samalani ndi ndalama zochoka pang'onopang'ono pa foni

Mnzanga wogulitsa usipa ku msika wa Limbe ankadabwa kuti ndalama za pa foni sizikukwana madzulo aliwonse. Makasitomala amalipira bwinobwino, koma akawerengetsa ndi kope lake, pamasowa ka K200.

Tinakhala pa benchi n'kutsegula mauthenga a sabata yonse. Ndalama zina zinali zolipira potapa kwa ejenti, zimenezo n'zodziwika. Koma panali ina yofanana yomwe inkachoka m'mawa uliwonse nthawi imodzimodzi, iye asanafike n'komwe pamsika. Kunali kulembetsa zamasewera a mpira komwe mwana wake anadina atabwereka foni.

Mukaona ndalama yofanana ikuchoka nthawi yofanana, lembani nambala ya uthengawo, tsiku ndi ola, mupite nazo ku ofesi ya kampani ya foni yanu akaletse. Ejenti sangaletse zimenezo. Mukatero sinthani PIN, ndipo wobwereka foni yanu asaidziwenso.