Momwe mungapezere ndalama zosiyana mukasamutsira mabuku a chuma m'pulogalamu yatsopano

Tiyerekeze kuti koparetivi ya alimi a mpunga ku Nkhotakota yasamutsa maakaunti a mamembala 1,200. Pulogalamu yakale ikuonetsa K18,450,730.40 pomwe yatsopano ikuonetsa K18,300,148.00, kutanthauza kuti K150,582.40 sikuoneka. Musanayambe kukayikirana, imitsani kulemba kulikonse m'mapulogalamu onse awiri, sungani kope ya fayilo yakale, ndipo mutulutse mindandanda yonse iwiri ya tsiku limodzi mu fayilo imodzi ya Excel, watsopanowo pa tsamba lotchedwa Watsopano, manambala a mamembala mu danga A ndipo ndalama mu danga B.

Choyamba, yerekezani ndalama zosowazo ndi chiwerengero cha maakaunti. Pulogalamu ikamadula matambala, K2,500.75 imasanduka K2,500, choncho akaunti iliyonse imataya ndalama yosafika K1, ndipo maakaunti 1,200 sangataye K1,200. Popeza pano zosowa zapitirira kwambiri malire amenewo, ndiye kuti maakaunti ena adatsala m'njira.

Werengani mizere mbali zonse ziwiri. Ngati mndandanda watsopano uli ndi mizere 1,197, lembani fomula iyi mu danga C pa mzere wa membala aliyense pamndandanda wakale, ndipo paliponse pamene patuluke nambala yochepera 0 pali akaunti ya nambala imeneyo imene sinalowe:

```
=COUNTIF(Watsopano!A:A,A2)-COUNTIF(A:A,A2)
```

M'chitsanzo chathu ndalama za maakaunti atatu amene adatsala ndi K60,000.00, K55,250.50 ndi K34,750.25, zomwe pamodzi ndi K150,000.75. Musathamangire kuzilemba pamanja musanadziwe chimene chinaziletsa. Kawirikawiri Excel imachotsa maziro oyambirira, moti membala 00457 amasanduka 457, ndipo ngati pali wina wa nambala imeneyo pulogalamu imataya mmodzi poganiza kuti wabwerezedwa. Nthawi zina vuto ndi deti: pulogalamu imene imayembekezera mwezi patsogolo imakana 25/03/2024 chifukwa kulibe mwezi wa 25. Lipoti la zokanidwa, limene ambiri amalitseka osaliwerenga, limatchula mizere yotere.

Tsopano kwatsala K581.65. Kuti mutsimikize kuti amenewa ndi matambala odulidwa, phatikizani matambala okhaokha a pamndandanda wakale:

```
=SUMPRODUCT(B2:B1201-TRUNC(B2:B1201))
```

Yankho likakhala K582.40, chotsanipo matambala 75 a maakaunti atatu aja, ndipo mupeza K581.65 ndendende. Ngongole muziwerengere pazokha, chifukwa ngati zinalembedwa ndi chizindikiro chochotsera, kudula kwake kumakokera mbali ina n'kubisa gawo la zosowa.

Pokonza, ena amaika K581.65 mu akaunti yongoyembekezera kuti mabuku agwirizane. Njira imeneyi si yabwino, chifukwa membala aliyense amakhalabe ndi ndalama zolakwika, ndipo chiwongoladzanja chimawerengedwa pa ndalama zolakwikazo. Ndi bwino kufufuta zimene munalowetsa, kusintha danga la ndalama kuti lizilandira manambala awiri pambuyo pa kadontho, kukonza manambala a mamembala ndi madeti, kenako n'kulowetsanso zonse kuchokera pa kope ija. Musanasunge fayilo ngati CSV, onetsetsani kuti matambala akuoneka, pakuti Excel imasunga nambala monga ikuonekera pasikirini. Mukamaliza, yerekezaninso akaunti ndi akaunti, ndipo msungichuma asainire mizere 1,200 ndi K18,450,730.40 musanatsegule mabuku a mwezi watsopano.