Momwe mungagulire tikiti ya ndege pamene mukuyenda ndi galu, mphaka kapena chida choimbira

Tikiti imene mwagula ndi yanu inu munthu, pamodzi ndi masutikesi amene alembedwapo. Galu, mphaka kapena gitala salowa m'menemo. Chinthu chotere chimafuna chilolezo chakechake, ndipo chilolezocho chimachokera ku kampani imene ikuulutsa ndegeyo, pa chigawo chilichonse cha ulendo. Anthu ambiri amene amabwezedwa pakauntala ndi chiweto m'manja amakhala kuti anayamba ndi kulipira tikiti, n'kufunsa za chiweto pambuyo. Dongosolo loyenera ndi lotembenuka: yambani ndi malamulo a dziko limene mukupita, kenako muyeze chiwetocho, mupemphe malo ake, ndipo ndalama ituluke pomaliza.

Tiyeni titsate chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Munthu ali ndi kagalu kolemera makilogalamu 7, akufuna kupita nako ku dziko lina la mu mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, ndipo ulendowo ndi wosintha ndege panjira.

Yambani ndi tsiku limene chiweto chingaloledwe kulowa

Musasankhe tsiku la ulendo musanawerenge masiku a katemera, chifukwa pepala la dokotala wa ziweto ndilo limalamula kalendala yanu. Mayiko a mu mgwirizano wa ku Ulaya amafuna kuti galu kapena mphaka akhale ndi maikulochipi, kachipangizo kangati kambewu ka mpunga kamene amakabaya pansi pa khungu, kokhala ndi nambala ya manambala 15. Kachipangizoka kaikidwe katemera wa chiwewe asanabayidwe. Katemera akabayidwa poyamba n'kuika maikulochipi pambuyo, katemerayo sawerengedwa, pakuti palibe umboni woti anabayidwa galu yemweyo, ndipo mumayambiranso.

Chiweto chikamachokera ku dziko limene chiwewe sichinathe, pamakhalanso kuyeza magazi. Magaziwo amatengedwa patapita masiku osachepera 30 chibayireni katemera, amayezedwa ku labotale yovomerezeka ndi mayiko amenewo, ndipo chiweto chimadikira miyezi itatu kuchokera tsiku limene magazi anatengedwa. Tinene kuti kagalu kathu kabayidwa pa 10 Januwale. Magazi angatengedwe kuyambira pa 9 Febuluwale, ndipo ngati zotsatira zili bwino, kangalowe m'dzikolo kuyambira pa 9 Meyi. Ndi miyezi inayi imeneyo. Amene wagula tikiti ya mwezi wa Malichi wataya ndalama, ngakhale kampani ya ndege itavomera galuyo. Chikalata cha thanzi chokha ndicho chimatengedwa kumapeto, pasanapitirire masiku 10 kuti mufike.

Funsaninso ngati dzikolo limalola chiweto kubwera ngati katundu wa wokwera. Britain ndi Australia amafuna kuti chifike ngati kago, ndiye kuti katundu wotumizidwa payekha, chokhala ndi chikalata chake cha katundu. Pamenepo nkhani simuikamba ndi wogulitsa matikiti, mumaikamba ndi ofesi ya kago kapena ajenti wonyamula ziweto.

Yezani ndi sikelo ndi tepi, osati ndi maso

Makampani ambiri amene amalola chiweto mkati mokhala anthu amaika malire a makilogalamu 8, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya: makilogalamu 8 amenewo ndi a chiweto pamodzi ndi chikwama chake. Kagalu kathu ndi ka makilogalamu 7, chikwama ndi kamphasa kake zikulemera kilogalamu imodzi ndi theka, zonse pamodzi 8.5. Kapitirira. Pakauntala amaika pa sikelo, ndipo theka la kilogalamu likhoza kukubwezani. Chikwamacho chiyeneranso kulowa pansi pa mpando wa kutsogolo kwanu, galu ali wokhoza kuimirira ndi kutembenuka mkatimo, ndipo miyezo yake imasiyana kwambiri pakati pa makampani. Chikwama chimene chinadutsa kwa ena chaka chatha chikhoza kukanidwa kwa ena.

Ndiye kagalu kathu kapita kunsi kwa ndege, m'chipinda cha katundu chimene amachitenthetsa ndi kuchipatsa mpweya. Kumeneko kumafunika bokosi lolimba, ndipo bungwe la makampani a ndege la IATA lili ndi njira yowerengera kukula kwake. Muimiritse galuyo bwinobwino, muyeze zinthu zinayi: kuchokera kumphuno kufika pamene mchira wayambira, kuchokera pansi kufika pachigongono cha mwendo wakutsogolo, kutambalala kwa mapewa, ndi kuchokera pansi kufika pamutu kapena kunsonga ya khutu, chimene chili pamwamba. Tinene kuti mwapeza masentimita 45, 18, 16 ndi 38. Utali wa mkati mwa bokosi ndi 45 kuphatikiza theka la 18, ndiwo 54. Mulifupi mwake ndi 16 kuwirikiza kawiri, ndiwo 32. Msinkhu wake ndi 38 kuonjezerapo kukhuthala kwa choyala pansi, mwina kufika 41. Manambala amenewa ndi ochepetsetsa, ndipo ndi a mkati. Pogula bokosi onetsetsani, chifukwa ogulitsa amakonda kulemba miyezo ya kunja.

Bokosilo likhale la pulasitiki yolimba kapena matabwa, la chitseko chachitsulo, zigawo zake ziwiri zomangidwa ndi mabawuti osati zongokolekera, lopanda matayala, lokhala ndi mabowo a mpweya m'mbali, ndi mbale ya madzi yoti munthu angathiremo ali kunja osatsegula chitseko. Agalu ndi amphaka a mphuno yaifupi yophwathalala amavutika kupuma kukatentha, choncho makampani ambiri sawalola kunsi kwa ndege, ndipo kumene amaloledwa bokosi limafunika lokulirapo ndi gawo limodzi mwa magawo khumi.

Pemphani malo musanalipire

Ndege iliyonse ili ndi chiwerengero cha ziweto zimene ingatenge, ndipo n'chochepa. Ndege zina zilibe chipinda chotenthetsedwa kunsi, motero sizitenga chiweto n'komwe. N'chifukwa chake webusaiti yoyerekeza mitengo si malo ogulirapo tikiti yotere. Igwiritseni ntchito kuona njira ndi masiku, koma pogula imbirani kampani yeniyeni kapena ajenti wodziwa ntchito.

Muuzeni asungitse malo anu osatulutsa tikiti, ndipo aike pempho la chiweto. Mumupatse mtundu wa galu, kulemera kwake pamodzi ndi bokosi, ndi miyezo itatu ya kunja kwa bokosilo. Pa kompyuta yake chiweto cha mkati chimalembedwa PETC, cha kunsi AVIH. Pempho likangotumizidwa limaoneka ndi NN kapena HN, kutanthauza kuti yankho silinabwere. Chimene mukudikira ndi KK kapena HK, ndiye kuti avomera. UC kapena NO ndi kukana. Ajenti akanena kuti "ndaika kale", mufunseni kuti pafupi ndi AVIH palembedwa zilembo ziti, ndipo akutumizireni pepala losonyeza zimenezo. Kuika pempho ndi kuvomerezedwa ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo anthu ambiri amagwera pakati pa ziwirizi.

Tsopano onani ulendo wathu wa zigawo ziwiri. Tikiti ikhoza kukhala ya kampani imodzi, koma pa chigawo chachiwiri n'kulembedwa timawu takuti "operated by" kutsogolo kwa dzina la kampani ina, kutanthauza kuti ndiyo ikuulutsa ndegeyo. Pa chigawo chimenecho malamulo ndi a kampani inayo. Ngati chigawo choyamba chili HK koma chachiwiri chili UC, galu wanu alibe ulendo, ndipo ndi bwino kudziwa tsopano tikiti isanatuluke kusiyana ndi kukadziwira pa bwalo losinthira ndege. Ineyo ndimaona kuti kulipira zoonjezera kuti ulendo wonse ukhale wa kampani imodzi ndi ndalama yogwiritsidwa bwino ntchito. Matikiti awiri osiyana apeweni: mudzayenera kutenga galuyo panjira, kulowa naye m'dziko losinthiralo motsata malamulo ake a ziweto, n'kumuperekanso.

Yang'ananinso nthawi yosinthira. Ola limodzi n'lochepa kusamutsa bokosi la chamoyo, pamene maola ochuluka kwambiri amachititsa makampani ena kukana, kapena kulipiritsa chisamaliro cha panjira. Nyengo nayonso imalowererapo: makampani ena satenga chiweto kunsi ngati pa bwalo lililonse la ulendowo kutentha kupitirira madigiri 29, choncho m'miyezi yotentha sankhani ndege ya usiku kapena ya m'mamawa. Ambiri amafuna pempholi lifike maola 48 mpaka 72 ndege isananyamuke, koma musadikire malire amenewo, malo amatha msanga. Mtengo wa chiweto ndi wapadera, sulowa m'makilogalamu anu aulere, ndipo umalipidwa popita ndi pobwera. Mukasintha tsiku, kapena kampani ikasintha ndege, chilolezo sichitsatira chokha, chipemphedwenso.

Ngati ndi chida choimbira

Njira yake ndi yomweyo, chosiyana ndi chakuti pali zosankha zitatu. Vayolini kapena lipenga laling'ono kawirikawiri zimalowa m'malo mwa chikwama chanu cha m'manja, osati kuonjezera pa icho. Gitala ndiye amavuta: kesi yake imapitirira mita imodzi, pamene chikwama cha m'manja chimalekezera pafupifupi masentimita 55. Makampani ena amamulola ngati m'mashelefu a pamwamba muli malo, koma malo akasowa amakulandani pakhomo la ndege n'kumutsitsira kunsi. Choncho gitala wa m'kesi yansalu asapite ku bwalo la ndege.

Chida chamtengo wapatali, monga chelo, chida chonga vayolini koma chachikulu kwambiri, chigulireni mpando. Pempho lake limalembedwa CBBG, mpandowo umakhala wa pawindo pafupi ndi wanu, osati pa khomo lotulukira pangozi, ndipo nawonso umadikira HK pa chigawo chilichonse. Musagule tikiti yachiwiri pa intaneti m'dzina lanu lomwe, chifukwa kompyuta imaiona ngati yobwereza ndipo ikhoza kufufuta imodzi. Chida chikamapita kunsi, khwefulani nsambo pang'ono, tsekerani zovala pansi pa khosi ndi mutu wake kuti chisagwedezeke, ndipo chijambuleni musanapereke. Kampani ikachiswa, chipukutamisozi chili ndi malire a pangano la mayiko la Montreal lokhudza maulendo a pandege, amene chida chodula chimawapitirira, motero inshulansi yapadera ndi yofunika, ndipo dandaulo lolemba liyenera kufika pasanathe masiku 7. Chida chokhala ndi mnyanga wa njovu kapena chigoba cha kamba chimafunanso chilolezo cha CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pangozi yotha.

Kutatsala masiku awiri

Imbaninso foni mutsimikize kuti HK ikadalipo ndiponso kuti ndege sinasinthidwe. Chiweto sichilembetsedwa pa intaneti, choncho fikani pakauntala kutatsala maola atatu, zikalata zenizeni zili m'manja, makope ake omatidwa pabokosi pamodzi ndi dzina ndi nambala yanu ya foni. Galuyo akhale atazolowera kugona m'bokosilo kwa milungu ingapo, adye pang'ono maola anayi mpaka asanu ndi limodzi ulendo usanayambe, koma madzi musamumane. Mankhwala ogonetsa musamupatse: amatsitsa kuthamanga kwa magazi, kunsi kulibe womuyang'anira, ndipo ogwira ntchito akaona kuti waledzera nawo akhoza kumukana. Mukakwera, uzani wogwira ntchito m'ndege kuti kunsi kuli galu, ndipo mupemphe akutsimikizireni kuti wakwezedwa komanso kuti woyendetsa ndege akudziwa.