Kalembera wa khanda: musadikire masabata 6 athe

Mwana akabadwira kuchipatala, makolo anzanga, musanyamuke musanalembe fomu ya NR8, yolembetsera kubadwa kwa mwana. Tengani chiphaso chanu cha unzika, cha bambo wake nachonso ngati chilipo. Mayina muwawerenge bwinobwino asanakusainitseni, chifukwa chilembo chimodzi chikalakwika, mudzayenda mitunda kuti chikonzedwe. Fomuyo imapita kwa DC ku ofesi ya NRB, bungwe la boma loona za kalembera, komwe amasindikiza setifiketi. Wobadwira pakhomo, yambani mwadziwitsa amfumu.

Lamulo la kalembera la 2010 limapereka masabata 6 oti mulembetse mwana akabadwa. Mukadumphitsa, nkhani imalimba.

Tiyerekeze mwana wafika zaka 7, mwabwera naye kudzalembetsa. Kalaliki sanaone kubadwa kwake, ndipo mzamba uja mwina anasamuka kalekale. Adziwa bwanji kuti mwanayu si wobedwa, sanalembedwe kale kwina, kapena zaka sizinachepetsedwe? Nchifukwa chake amafuna umboni wina: buku la kusikelo losonyeza tsiku lobadwa ndi katemera woyamba, kalata ya amfumu, mwinanso ya ubatizo, komanso mboni zokhala ndi ziphaso. Masiku a pa mapepalawa akasiyana, amakubwezani. Buku la kusikelo lija, ngakhale litathimbirira ndi utsi, lisungeni m'pulasitiki.