Pepala la Magalasi a Maso Limagwira Ntchito Mpaka Liti?

Pepala limene woyeza maso amalembapo mphamvu ya magalasi anu siligwira ntchito mpaka kalekale, chifukwa maso amasintha. Kawirikawiri limalemekezedwa kwa chaka chimodzi kapena zaka 2, ndipo nthawiyo ikadutsa, ndi bwino kuyezetsanso musanagule magalasi atsopano.

Munthu wamkulu amene alibe matenda aziyezetsa maso zaka 2 zilizonse, ngakhale akuona bwino, pakuti matenda a gulakoma amawononga mtsempha wa diso pang'onopang'ono popanda kupweteka. Amene ali ndi matenda a shuga, kapena amene wachibale wake anadwalapo gulakoma, aziyezetsa chaka chilichonse.

Kusintha kumaonekera kwambiri munthu akapitirira zaka 40. Amene anayamba ndi magalasi owerengera a +1.00 ali ndi zaka 45 angafunike a +2.00 pofika zaka 55, ndipo chizindikiro chake n'chakuti amayamba kutalikitsa nyuzipepala kuti aone zilembo. Koma ngati diso lasiya kuona mwadzidzidzi, likupweteka kwambiri, kapena mukuona kuwala kong'anima, musadikire tsiku lolembedwa papepala. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo.