Mawu akuti "yatha" anandidyera ndalama

Ndinalemba ntchito mnyamata wina kuti andipangire pulogalamu ya pafoni yoti makasitomala a golosale yanga ku Zomba aziitanitsira katundu. Tinagwirizana pakamwa chabe. Atabwera nayo anati yatha, koma munthu akalipira pa Airtel Money netiweki n'kuduka, oda inkasowa ngakhale ndalama yachoka. Iye anati zimenezo sindinamuuze. Kunena zoona, sankanama.

Ndiye ndinakhala pansi n'kulemba masamba awiri. Pa chilichonse chimene pulogalamuyo iyenera kuchita, ndinaika mayeso oti tonse tione ndi maso, yankho lake likhale inde kapena ayi. Pa malipiro ndinalemba kuti: kasitomala akalipira K5,000 ndipo intaneti yazimitsidwa nthawi yomweyo, ikabwerera oda ioneke kamodzi kokha, yolembedwa kuti yalipiridwa, pasanathe mphindi 2. Mawu ngati "izithamanga bwino" ndinawafufuta, chifukwa mungawayeze bwanji? Ndinatchulanso foni yoyesera, Itel yanga yakale, osati yake yapamwamba ija.

Tinasainirana kuti gawo lomaliza la malipiro ake lituluka mayeso onse akadutsa. Ulendo woyamba oda inabwera kawiri, ndipo anakakonza osatsutsa.