Kutumiza imelo yaitali kwa munthu watsopano

"Nkhani yogula mipando ya mu ofesi yafika maimelo 20, tsopano abwana avomereze. Ndiwatumizire bwanji?"

Tsegulani imelo yomaliza, chifukwa ndi imene yanyamula zonse zam'mbuyo, n'kudina Forward. Musadine Reply: imasiya mafayilo, abwana adzangowerenga za kotesheni imene sakuiona. Ngakhale ndi Forward, fayilo yomwe inabwera pa imelo yoyambirira nthawi zambiri siitsatira, ndiye yang'anani pansi, ngati palibe iikeninso nokha.

Kenaka tsikani muwerenge zonse. Penapake mnzanu analemamo kuti "abwanawa amachedwetsa zinthu". Zoterozo fufutani, kapena lembani imelo yatsopano.

Mutu usinthenso, "Fwd: Re: Re:" suuza munthu kanthu. Lembani "Muvomereze: mipando 12, pofika Lachisanu".

Pamwamba penipeni yambani ndi chimene mukufuna, mbiri ibwere pambuyo:

"Bwana, tikupempha muvomereze kugula mipando 12 pofika Lachisanu masana, mtengo usanasinthe. Tinalandira makotesheni atatu, tasankha wachiwiri poti adzabweretsa okha. Chatsala ndi siginecha yanu pa fomu ndaikayi."

Abwana ambiri amawerengera pa foni ali pamsonkhano, choncho mizere isapitirire isanu.