Tenda ya zolembera zamuofesi: yambani ndi mapepala

"Mtengo wanga umakhala wotsika, komabe tenda zaboma sindipambana. Ndikonze chiyani?"

Mtengo amauyang'ana pomaliza, achimwene. Choyamba komiti younika matenda imaona ngati mapepala alipo: satifiketi yolembetsera bizinesi, ya bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu waboma la PPDA, ndi ya MRA yosonyeza kuti misonkho ili bwino. Imodzi ikakhala kuti inatha ntchito, mwatuluka basi.

Kenako tsatani ndandanda ya katundu mzere ndi mzere. Akafuna mapepala a A4 olemera magalamu 80 pa sikweya mita, inu n'kulemba a 70, akuchotsani ngakhale mutchipe chotani. Chulukitsaninso mitengo mosamala, chifukwa masamu akasemphana nthawi zambiri amatenga mtengo wa chinthu chimodzi.

Sainani fomu, matani envulopu, mukaponye m'bokosi la tenda ola lotsekera lisanakwane. Yochedwa imabwezedwa yosatsegula.